Tulo ta Akaunti ndi Munda wa Mbatatesi

Kuyambira pa Tsangano kukafika pa Mlangeni, mpaka chaka cha nkhaniyi panalibe munthu amene anandigulitsapo chinthu pa mtengo umene anayamba kutchula. Ndikunena izi dzanja lili pachifuwa. Ndanenererapo mbatatesi, kabichi, nsapato za pa kaunjika, njinga yopanda mabuleki, ngakhale bokosi la maliro a amalume anga, ndipo tsiku limenelo kalipentala analira kuposa ife anamfedwa. Munthu akandiuza kuti "mtengo wake ndi womwewo," kwa ine ameneyo wangopereka moni, nkhani sinayambe. Choncho m'mawa umene ndinkanyamuka kupita ku banki pa boma la Ntcheu, ndinauza mayi a kunyumba kuti asavutike kundikulungira chakudya. Ndinati kukatapa ndalama zako zomwe si ntchito yoti munthu n'kumva nayo njala.

Ntchito yanga ndi yopikula mbatatesi. Ndimagula kwa alimi a kumapiri kuno, n'kukweza pa lole, n'kukagulitsa kwa okazinga tchipisi m'tauni. Chaka chimenecho ndinapeza mwayi umene sumabwera kawiri. Kunali bambo wina wachikulire kuseri kwa phiri, mlimi wa ng'ombe zake ndi ngolo yake, amene mbatatesi yake inachita bwino moti mizere inkang'ambika yokha. Ankafuna kugulitsa munda wonse pakamodzi, chifukwa msana unali utayamba kumukana ndipo sankafuna zolimbana ndi mavenda a ndowa imodzi imodzi. Ndinakhala naye pansi pa mtengo wa pichesi kuyambira m'mawa mpaka mthunzi unatithawa. Ndinapeza chilema pa mbatatesi iliyonse imene anandikumbira. Iyi yaing'ono, iyi ili ndi maso ambiri, iyi ikuoneka kuti ili ndi maganizo. Ndinadzuka kuti ndikupita, n'kukhalanso pansi, n'kudzukanso. Pomaliza tinagwirana chanza pa mtengo umene ngakhale ine ndinachita nawo manyazi pang'ono. Ngolo yotutira kukafika kumsewu inali yaulere, ndi matumba a basela pamwamba.

Koma madalawo ananena mawu amodzi. "Mwana wanga, anyamata okumba ndawauza Loweruka. Ubwere ndi ndalama m'manja. Ukapanda kuoneka, mayi wa ku Mlangeni uja wabwera kale kawiri."

Mayi wa ku Mlangeni ameneyu ndi mnzanga wa ntchito yomweyi, ngati munthu amene amakulanda makasitomala n'kumakusekerera angatchedwe mnzako. Amanditchula kuti alamu, ngakhale palibe wa kwathu anakwatira kwawo. Amamanga ndalama pa nsonga ya chitenje, ndipo mfundo yake ikamasuka alimi amaiwala malonjezo onse.

Ine sindinade nkhawa, chifukwa ndinali ndi ndalama zogona. Zaka zingapo m'mbuyomo kunali chaka china chimene tomato anandikonda. Ndinatsegula akaunti ku banki, ndinaikamo phindu lonse, khadi n'kuliponya pansi pa sutikesi. Ndinachita dala. Ndalama ya pafoni imamva kununkhira kwa kanyenya, imamvanso kulira kwa achibale. Ya ku banki ili kutali, kuti uyifikire uyenera kulipira galimoto. Ndinkawauza anzanga pamsika kuti ndalama ili ngati mbewu ya mbatatesi, umaiika pamdima n'kuisiya, ukamaisuzumira pafupipafupi imaola. Sindinaikemonso kanthu, sindinatapemo kanthu, ngakhale kufunsa kuti muli zingati sindinafunse. Ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Ndinafika pa boma Lachitatu, fumbi la mumsewu wathu lili m'makutu. Ndinaima pamzere wa makina otapira ndalama panja pa banki, ndinalowetsa khadi, n'kudina nambala yachinsinsi ndikubisa ndi chipewa ngati munthu wa ndalama zenizeni. Makina anaganiza pang'ono, kenaka analavula khadi. Ndinalipukuta pa malaya n'kulowetsanso. Analavulanso. Ndinaliuzira mpweya.

"Bambo, si chitumbuwa chotentha chimenecho," anatero mlonda wa pakhomo. "Lowani m'kati akakuthandizeni, asanalimeze."

M'kati munali mozizira ngati m'mawa wa mwezi wa Juni kwathu. Anandilozera pa tebulo la mayi wina wachitsikana wa magalasi, amene amathandiza anthu a mafunso. Ndinamupatsa khadi. Anadinadina pa kompyuta, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, khadi lanu linatha nthawi yake. Koma vuto lalikulu si limenelo. Akaunti yanu ili domanti."

Ine ndinamva ngati dzina la mbewu yatsopano ya tomato. "Ili chiyani?"

"Yagona."

"Eya, ndikudziwa. Ndinaigoneka ndine. Ndabwera kudzaidzutsa. Ndipatseni ndalama zanga ndizipita, galimoto za kwathu zimatha msanga."

Anaseka pang'ono, koma osati kuseka kwa munthu amene watsala pang'ono kutsitsa mtengo. Anandifotokozera kuti akaunti ikakhala nthawi yaitali mwini wake osaikamo kapena kutapamo, banki imaitseka pakamwa. Ndalama zimakhala zilimo, ndi zako ndithu, koma sizituluka, kaya pa makina, kaya pa kauntala, kaya pafoni, mpaka mwini wake abwere yekha adzaonetse kuti ndi iyeyo.

"Koma muli kuyenda ndalama m'menemo," ndinatero. "Paja mumati mumaikamo chiwongoladzanja?"

"Chimenecho timaika ndife. Ndi zimene timadula ndife. Zimenezo siziwerengedwa. Timafuna dzanja lanu, osati lathu."

"Ndiye mwandimangira ndalama zanga chifukwa chosakuvutitsani? Ena amabwera kuno tsiku ndi tsiku kudzakudetserani pansi ndi matope. Ine ndakusungirani ulemu zaka zonsezi, malipiro ake ndi amenewa?"

"Bambo, mumagulitsa chiyani?"

"Mbatatesi."

"Mutasiya matumba pamsika kwa munthu, inu n'kusowa osaonekanso, kenaka kubwere wina atavala chipewa chanu, ati ndatumidwa, mungakonde kuti amupatse?"

"Ndingamuthyole miyendo."

"Ife sitithyola miyendo, timangotseka. Akaunti yomwe mwini wake sakuiyang'ana ndi imene akuba amaikonda, chifukwa ikatha palibe amadandaula msanga. Mwina mwini wake anamwalira, khadi lili ndi mphwake wodziwa nambala. Mwina anasamuka, chiphaso chinatayika, wina anatola. Ngakhale wa m'kati muno, atakhala wa mtima woipa, angayambire pa akaunti yotere. Ndiye timati igone, mpaka tione nkhope."

"Nkhope ndi iyi."

"Ndi yabwino. Chiphaso cha unzika chili kuti?"

Chiphaso chinali kunyumba, m'Baibulo la mayi a kunyumba, pamene chimakhala kuti chisatayike. Ndani amanyamula chiphaso popita kukatenga zake zomwe?

Apa ndipamene ndinayamba ntchito yanga. Ndinakoka mpando, ndinatsitsa mawu, ndinamutchula kuti achemwali. Ndinati chabwino, zonse musandipatse, tiyeni tikumane pakati, ndipatseni theka, theka linalo lipitirize kugona. Anapukusa mutu. Ndinati nanga kachigawo kochepa chabe, koti ndikapereke chikole kwa mwini munda. Anati akaunti sidzuka diso limodzi. Ndinatchula kuti kwathu mbatatesi ikukumbidwa, ndipo thumba limodzi likhoza kusochera n'kufika pa boma. Anandiyang'ana mpaka ndinayamba kuona kuti nsapato zanga n'zakuda, kenaka anati, "Zimenezo sindinamve, ndipo inu simunanene." Ndinatulutsa chida changa chomaliza, chimene sichinandigwiritsepo mwala. Ndinadzuka, ndinavala chipewa, ndinati basi ndikupita, ndikatsegula kwina. Ndinayenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo, khutu lili m'mbuyo, kudikira mawu aja okoma akuti "bwerani, bambo, tikambirane."

Ndinamva akuti, "Wotsatira!"

Ndinafika mpaka panja. Mlonda ananditsegulira chitseko mwaulemu. Ndinaima padzuwa, ndinayang'ana minibasi zikudutsa, n'kutembenuka. Mlonda ananditseguliranso, nkhope ili gwa, koma mapewa ake ankagwedezeka. Ndinakaima kumapeto kwa mzere ngati mlendo.

Nditafikanso pa tebulo, mayi uja sanandikumbutse kanthu. Anandiuza zofunika. Ndibwere ndekha, osatuma munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndibwere ndi chiphaso chenicheni, osati chojambulitsa. Ndibweretse umboni wa kumene ndimakhala, ndipo poti kwathu kulibe mabilu a madzi kapena magetsi, kalata ya amfumu yodindidwa ikwanira. Ndidzalemba fomu yopempha kuti akaunti idzuke, ndidzajambula mapu a kunyumba, ndidzasaina, ndipo ndidzaikemo kandalama pang'ono kuti ioneke kuti yayamba kuyenda.

"Kudzutsako ndi zingati?" ndinafunsa, mtima ukuyamba kutenthanso, poti apa ndiye panali poyambira kunenerera.

"Kuno n'kwaulere. Khadi latsopano ndiye mudzalipira."

Chinthu chaulere chimandisowetsa mtendere. Sungachitsitse.

Kenaka anati, "Komatu tinakutumizirani mauthenga pafoni isanagone. Nambala yanu si iyi?" Anaiwerenga. Inali nambala yanga yakale, ya simu khadi imene inagwera m'chithaphwi pamodzi ndi foni yake chaka cha tomato chomwecho. M'malo mokaibwezeretsa ndinangogula ina, chifukwa mnyamata wogulitsa ananditsitsira mtengo.

Pobwerera, ndili pamwamba pa matumba a feteleza kumbuyo kwa lole, ndinati ndiyese kuiimba nambala ija. Ndinkaganiza kuti ndimva zoti sikupezeka. Inaitana. Anayankha mwamuna wa mawu onenepa, kumbuyo kukumveka chigayo.

"Ndani?"

"Pepani akulu, nambala imeneyi inali yanga kale."

"Aaa! Ndinu a ku banki aja? A ndalama zogona?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Akulu, ine nambalayi ndinagula yatsopano, koma mauthenga anu ndalandira mpaka ndatopa. Akuti bwerani, akaunti igona. Akuti yagona. Ndinkati munthu ameneyu anafa kapena ali kundende? Mkazi wanga ankati pita ukayese mwayi, mwina ndi Mulungu wakuona."

"Ndiye munapita?"

"Ine ndine wa mpingo, akulu. Komanso ndinamva kuti amafuna chiphaso." Anaseka mpaka kutsokomola. "Mukazitapa mutikumbuke a mayunitsi, takhala tikukusungirani makalata."

Ndinadula foni. Zaka zonsezo ndinkayenda pamsika ndikudzitama kuti ndalama zanga palibe akuzidziwa, pamene munthu wa pachigayo, kaya ndi wa boma liti, ankalandira nkhani zake ngati mwini.

Nditafika, mayi a kunyumba anandilandira ndi maso okha. Anayang'ana manja anga, anayang'ana matumba a buluku, n'kupitiriza kusenda nyemba.

"Zalemera kwambiri mwazisiya kumsewu?"

"Akaunti yagona."

"Yatengera mwini wake."

Lachinayi lonse linathera pa kalata. Amfumu ndi munthu wosavuta, timasewera limodzi bawo, koma chidindo chinali chitapita ndi mlembi wawo ku maliro kutsidya. Ndinachitsatira pa njinga yamoto. Ndinakhala nawo pa maliro a munthu amene sindinkamudziwa, ndinaimba nawo nyimbo, ndinapereka chipepeso, ndipo kalata inadindidwa pa chishalo cha njinga kuseri kwa nkhokwe. Pobwerera ndinakumana ndi mayi wa ku Mlangeni ali pa kabaza, akuchokera njira ya kuseri kwa phiri.

"Alamu! Ndamva mwayamba ntchito ku banki, dzulo munatandala komweko."

"Ndalama zambiri zimafuna nthawi kuwerenga, mlamu."

"Werengani bwino. Ine zanga n'zochepa, zimakwana pa chitenje." Anasisita mfundo ija ngati mwana wakhanda.

Lachisanu ndinafika pa boma banki isanatsegule, chiphaso chili m'thumba la m'kati, kalata ili mu pulasitiki ya shuga. Mayi wa magalasi anandipatsa fomu. Dzina, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni yatsopano, ntchito imene ndimagwira, ndalama zimene ndimapeza pa mwezi. Pa funso limeneli ndinaima. Moyo wanga wonse, wogula akandifunsa ndimati bizinesi ikuyenda, mlimi akandifunsa ndimati tikungovutika. Sindinkadziwa kuti banki ndi wogula kapena mlimi.

"Lembani zoona," anatero mayi uja osadzutsa mutu. "Timafuna tidziwe kukula kwa ndalama zoyenera kudutsa mwanu, kuti zikadzabwera zachilendo tidzadabwe."

Ndinalemba zoona. Dzanja linachita dzanzi, posazolowera.

Kenaka mapu. Kwathu msewu ndiwo malire. Ukaima pakati, mwendo umodzi uli ku Malawi, wina ku Mozambiki, ndipo nkhuku zathu zimadya mayiko awiri tsiku lililonse osafunsidwa chiphaso. Ife sitiganizako n'komwe. Timangoti kumtunda ndi kumunsi, uku ndi kutsidya. Ndinajambula msewu, ndinaika msika, tchalitchi, chigayo, mjigo, mtengo wa bulugamu umene unawombedwa ndi mphenzi, n'kuika nyumba yanga ndi mtanda waukulu. Ndinajambula monga ndimaonera ndikamachokera kumunda madzulo, msika uli kutsogolo kwanga. Koma muvi wosonyeza kochokera ku boma ndinauika mbali imene pepala linali ndi malo.

Mayi uja anatenga pepala, analitembenuza, analitembenuzanso.

"Bambo, ine kwathu ndi ku Kasinje, koma msewu wa ku Tsangano ndimaudziwa. Munthu akamachokera kuno, Mozambiki imakhala dzanja liti?"

Ndinatambasula manja, ndinatembenuka pampando kuyang'ana kumene kuli kwathu, ndinamuuza.

"Ndiye inu mumakhala ku Mozambiki."

"Ine?"

"Inu, tchalitchi chanu, ndi mjigo womwe. Kalata ya amfumu ikuti Malawi, mapu akuti kutsidya. Ndikhulupirire ziti? Ngati mumakhala kunja, mapepala ake ndi ena."

Anthu a pamzere anayamba kusuzumira. Bambo wina wa jekete lachikopa anati, "Apatseni ndalama za kwawo amenewo, ma metikashi." Ndinapempha pepala lina. Ulendo uno ndinaimirira, ndinayang'ana khoma la kumene kuli kwathu, ndinayenda msewu wonse m'mutu kuchokera pakhomo la banki, n'kubweza mudzi wathu wonse ku Malawi.

Chinatsala ndi kusaina. Ndinasaina monga ndimasainira masiku ano, chilembo choyamba ndi kamzere, basi. Mayi uja anayang'ana pa kompyuta, anayang'ana pepala, n'kutembenuza kompyuta pang'ono kuti bwana wake, amene anali atafika kumbuyo kwake, aone. Ine ndinakumbuka. Tsiku lotsegula akaunti ndinali ndi ndalama za tomato m'thumba ndi jekete lobwereka. Ndinaona kuti munthu wa akaunti sangasaine ngati wolandira makuponi. Ndinapanga saini ya nduna, yokhala ndi michira, mphete ziwiri pamwamba ndi mzere wobwerera pansi ngati chikwapu. Ndinaigwiritsa ntchito tsiku limodzi lomwelo.

"Yesaninso," anatero bwanayo, bambo wamtali wa tayi yofiira.

Ndinayesa. Inatuluka ngati nkhuku yapalasa. Ndinayesanso, inatuluka ngati msewu wa kwathu nthawi ya dzinja.

"Ndioneko pang'ono yakaleyo, ndingokopera."

"Tikakuonetsani, ndiye wakuba naye tizimuonetsa?"

Sananditaye. Anatenga chiphaso, anayerekeza nkhope ya pa chiphaso, ya pa kompyuta, ndi imene ndinabwera nayo. Anandifunsa mafunso: dzina la amayi anga, mudzi umene ndinabadwira, amene ndinamulemba kuti ndi wachibale wapafupi, ndalama zimene ndinaika komaliza ndi nyengo yake. Zimenezo ndinayankha ngati katekisimu, munthu saiwala chaka chimene tomato anamukonda. Atakhutira anandipatsa pepala losinthira saini, n'kunena kuti, "Ulendo uno sainani ya tsiku ndi tsiku. Ya pa Khirisimasi isiyeni."

Ndinapita pa kauntala, ndinaika kandalama kodzutsira kaja, ndinabwerera ndi lisiti ndikumwetulira. Ndinafunsa kuti ndiime mzere uti wotapira.

"Lero ayi, bambo," anatero mayi wa magalasi. "Ine ndalowetsa. Bwana aona n'kusaina. Kenaka a kulikulu avomereze. Wolowetsa sakhala wovomereza, kuti munthu mmodzi asamadzutse akaunti za eni ake payekha. Mwina Lolemba, mwina Lachiwiri. Mulandira uthenga, pa nambala yanu yeniyeni tsopano."

"Achemwali, munda ukukumbidwa mawa."

Anavula magalasi. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti akundimvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho chinandiopsa kuposa kukana kwake. Anati ayesetsa kukumbutsa kuti zifulumire, koma sangalonjeze. Anandiuzanso kuti ndithokoze kuti ndabwera tsopano, chifukwa ndalama zikakhala zaka zambirimbiri popanda mwini kuoneka, lamulo limati zichoke m'manja mwa banki zipite ku boma. Ukhoza kuzitsatirabe, koma ulendo wake ndi wautali kuposa wa ku Tsangano.

Loweruka ndinalawirira kuseri kwa phiri ndi lisiti m'thumba. Ndinapeza anyamata ayamba kale kukumba, mbatatesi ili mbuu pamizere, yaikulu ngati zibakera. Pansi pa mtengo wa pichesi uja panali madala, ndipo pambali pawo, pa mpando umene ndinakhalapo ine, panali mayi wa ku Mlangeni akumwa thobwa.

"Alamu afika! Anyamata, thandizani alamu kutsitsa ndalama."

Ndinapereka moni, ndinakhala pa chitsa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira makina olavula mpaka mudzi wosamukira ku Mozambiki. Ndinatulutsa lisiti. Madala analigwira ndi zala ziwiri, analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Pepala ili ndi laling'ono," anatero. "Lili ndi maso ambiri. Likuonekanso kuti lili ndi maganizo."

Anyamata okumba anasiya makasu kuti aseke bwino.

"Bambo, ndalama zilipo. Zangogona."

"Ng'ombe yogona silima, mwana wanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ndinachonderera. Ine amene ndimadzuka n'kumapita kuti andiitane, tsiku limenelo ndinamatirira pa chitsa ngati ndamerapo. Ndinawakumbutsa kuti tinagwirana chanza. Anati chanza chinali cha Loweruka, ndipo Loweruka ndi lino. Ndinati ndiwonjezera pang'ono. Mayi wa ku Mlangeni anayamba kumasula mfundo ya chitenje pang'onopang'ono, ndi mano, akundiyang'ana. Ndinawonjezeranso. Madala anadzuka, anatenga ndodo yawo, anati akukaona ng'ombe. Anayenda pang'onopang'ono kulowera kukhola, khutu lili m'mbuyo. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene akuchita. Ndinachiyambitsa ndine m'dera lino. Komabe ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Bwerani, bambo, tikambirane."

Tinakambirana. Munda unagawidwa pakati. Mbali ya kumtunda, ya kufupi ndi njira, inapita kwa mayi wa ku Mlangeni tsiku lomwelo, ndalama pamanja. Mbali ya kumunsi, ya kudambo, anandisungira osakumba mpaka pakati pa sabata, pa mtengo umene madala anatchula tsiku loyamba lija ndisanayambe kupeza zilema. Ngolo ndilipira. Anyamata obweranso kudzakumba kachiwiri ndiwalipira ine. Za basela nditazitchula, madala anandipatsa mbatatesi imodzi, anati ndikaotche.

Pochoka, mayi uja anandiyandikira n'kunong'ona. "Alamu, musadandaule. Ine ndalama za munda wonse ndinalibe. Ndimangofuna theka lomweli."

"Nanga mfundo yonse ija?"

"Pansi pake ndi mapepala a mpingo."

Uthenga unalowa Lachiwiri, ndili pamsika. Ndinapitanso pa boma, ulendo wachitatu wa galimoto, ndipo ndinasaina saini yanga ya tsiku ndi tsiku pa kauntala. Ndalama zinalimo, chiwongoladzanja pang'ono pamwamba, zodula pang'ono pansi, palibe wa pachigayo kapena wina aliyense anazikhudza. Koma nditaziwerenga ndinazindikira chinthu china. Pamene izo zinkagona, mitengo inali maso. Ndalama zimene chaka cha tomato zikanagula munda ndi ngolo yomwe, tsopano, pa mtengo watsopano uja, zinangokwana theka langa, lole, ndi anyamata. Akanandisungira munda wonse pa mtengo umenewo, ndikanachita manyazi kachiwiri.

Mbatatesi ya kudambo inatuluka yaikulu kuposa ya kumtunda, koma ngolo inatitimira kawiri ndipo ndinalipira anthu okankha. Ndinakaigulitsa m'tauni, phindu linabwera, lochepa, loti ukaliika pa tebulo mayi a kunyumba amafunsa kuti linalo lili kuti. Mayi wa ku Mlangeni anafika kumsika masiku angapo ine ndisanafike, mitengo isanatsike. Madala anagula ng'ombe ina. A ku banki anapeza kasitomala amene tsopano mwezi ukatha amatumiza kandalama kuchokera pafoni, kungoigwedeza akauntiyo paphewa kuti isawodzere, ndipo akasintha nambala amakanena. Ine ndinapeza ndalama zanga zonse zili bwinobwino, chifukwa cha chitseko chomwecho chimene chinandidyera theka la munda.

Pamsika nkhaniyi imakambidwa mosiyanasiyana, malinga ndi amene wagula tiyi. Ine ndimati ndinapambana, poti munthu wopanda ndalama m'manja kuchoka ndi theka la munda si masewera. Mayi a kunyumba akamva amangotsokomola. Nanga inu, mwamva zonse, simunadye mbatatesi ya aliyense: pakati pa madala, mayi wa chitenje, achemwali a magalasi ndi ine, anapambana ndani?